Kope la zolakwa limasonyeza wophunzira mutu woyenera kuwerenga

Wophunzira wa Fomu 4 akalandira pepala lake la masamu litachongedwa, kawirikawiri amayang'ana malikisi amene alembedwa pamwamba, amakopera makolekishoni amene aphunzitsi alemba pa bolodi, kenako pepalalo amalipinda n'kulisiya pakati pa kope. Ikayandikira nthawi ya mayeso a MSCE, amene bungwe la MANEB limalembetsa, amayamba kulemba manotsi obwerezera kuchokera pa mutu woyamba wa silabasi, ndipo amachedwa pa mitu imene imamuyendera bwino chifukwa ndi imene imasangalatsa kuwerenga. Mapeto ake amakhala ndi manotsi aukhondo a zinthu zimene akuzidziwa kale, pamene malikisi akutayikira kwina. Kope la zolakwa ndi njira yothetsera vuto limeneli, koma limathandiza pokhapokha ngati wophunzira akulembamo chimene chinachititsa kuti alakwe, osati dzina la mutu lokha.

Kope lenilenilo silifuna zambiri. Kope wamba la masamba 40 likwanira, bola likhale lapadera, losasakaniza ndi manotsi a m'kalasi. Funso lililonse limene wophunzira wataya nalo malikisi, kaya pa ntchito yochitira kunyumba, pa mayeso a pakati pa teremu, pa moko kapena pa mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, alembe tsiku, kumene funsolo lachokera ndi malikisi amene ataya pa malikisi onse a funsolo. Kenako akopere mzere umodzi wokha umene zinthu zinayambira kusokonekera, monga mmene iye anaulembera, ndipo pansi pake afotokoze m'mawu ake chimene ankaganiza pa nthawiyo ndi chimene anayenera kuchita. Kukopera yankho lonse la aphunzitsi n'kutaya nthawi, chifukwa dzanja limatha kukopera mizere khumi mutu usanagwire kanthu.

Tiyeni titenge chitsanzo cha mtsikana wa Fomu 4 amene walemba mayeso atatu oyeserera m'teremu imodzi. Pa mayeso oyamba anapatsidwa 2x² − 5x − 3 = 0 kuti apeze x pogwiritsa ntchito fomyula ya kwadiratiki. Fomyulayo anailemba molondola, x = (−b ± √(b² − 4ac)) / 2a, ndipo anazindikira bwino kuti a ndi 2, b ndi −5, c ndi −3. Pofika pa b² anadina −5² pa kalikyuleta popanda mabulaketi, makinawo n'kumupatsa −25, ndipo atawonjezera 24 anapeza −1 pansi pa chizindikiro cha √, n'kugamula kuti funsolo lilibe yankho. Akanalemba (−5)², akanapeza 25 + 24 = 49, ndipo x ikanakhala 3 kapena −½.

Pa mayeso achiwiri funso linali lopeza giradiyenti, kutanthauza kupendekeka kwa mzere wodutsa pa (−2, 3) ndi (4, −9). Pamwamba anapeza −12 molondola, koma pansi, pamene panayenera kukhala 4 − (−2) = 6, iye analemba 4 − 2 = 2, choncho yankho lake linali −6 m'malo mwa −2. Pa mayeso achitatu anapatsidwa thirayango ya mbali ziwiri za masentimita 5 ndi 3, ngodya ya pakati pake ili madigiri 120, kuti apeze mbali yachitatu ndi lamulo la kosaini, a² = b² + c² − 2bc cos A. Popeza cos 120° ndi −0.5, panayenera kutuluka 34 + 15 = 49, mbaliyo n'kukhala masentimita 7, koma iye analemba 34 − 15 = 19.

Mtsikana ameneyu akanangolemba mayina a mitu m'kope lake, akanaona kuti akufooka pa kwadiratiki, pa jiyometiri ya makoodineti ndi pa tirigonometiri, ndipo akanatha milungu ingapo akulemba manotsi a mitu itatu imene akuidziwa kale, pakuti mafomyula onse atatu anawakumbukira bwinobwino. Mizere itatu yolakwikayo ikaikidwa pa tsamba limodzi, zimaonekeratu kuti vuto ndi limodzi: nambala ya negetivu ikalowa m'fomyula, chizindikiro chake chimamusokonekera. Imeneyi ndi ntchito ya ku Fomu 1, ndipo manotsi ake sangadzaze ngakhale theka la tsamba. Alembe kuti nambala iliyonse ya negetivu aziikira mabulaketi asanachite china chilichonse, aike zitsanzo zake zitatu zija pansi pake, kenako apeze mafunso ena a mtundu womwewo oti ayeserere. Apa ndi pamene kope la zolakwa limasiyanirana ndi kungowerenga malikisi, monga mmene dokotala amene wamva za mutu, kutentha thupi ndi kuphwanya m'mfundo amayezera malungo m'malo mopereka mankhwala atatu.

Chimene chimawononga makope ambiri otere ndi mawu akuti "kusasamala". Wophunzira akalemba mawu amenewa pambali pa funso, amakhala wadzikhululukira, ndipo palibe chimene angakonze chifukwa palibe manotsi amene angaphunzitse munthu kusamala. Ine ndimalangiza kuti mawuwa aletsedwe m'kopemo, ndipo m'malo mwake wophunzira anene chenicheni chimene chinachitika. Mwina mfundoyo sankaidziwa n'komwe, ndipo pamenepo pakufunika kubwerera ku buku kapena kwa aphunzitsi. Mwina ankaidziwa koma anasankha njira yosayenera, monga kugwiritsa ntchito lamulo la Pythagoras pa thirayango yopanda ngodya ya madigiri 90, ndipo mankhwala ake ndi kuyeserera mafunso osakaniza kuti azolowere kuzindikira njira yoyenera payekha. Mwinanso Chingerezi cha funsolo ndi chimene chinamupita pambali, kapena anaiwala kuti yankho likufunika ndi madesimo awiri, kapena nthawi inamuthera asanafike pa funsolo. Zonsezi zimadya malikisi mofanana, koma chilichonse chili ndi kakonzedwe kake, ndipo chokhacho choyamba chija ndi chimene chimafuna manotsi atsopano aatali.

Pakatha milungu iwiri kapena itatu, wophunzira awerengetsere zimene zili m'kopemo, ndipo apa pali msampha wina. Kuwerenga kuchuluka kwa zolakwa kokha kumanamiza, chifukwa mutu umene umabwera kawirikawiri umaoneka ngati ndiwo woipitsitsa. Tiyerekeze kuti mtsikana uja wataya malikisi 12 pa aljebura ndi malikisi 9 pa jiyometiri ya sekulo. Poyamba zingaoneke ngati aljebura ndiye vuto lalikulu, koma ngati mafunso a aljebura amene anayesa anali a malikisi 60 ndipo a sekulo anali a malikisi 15 okha, ndiye kuti pa aljebura akutaya gawo limodzi mwa magawo asanu, pamene pa sekulo akutaya magawo atatu mwa asanu. N'chifukwa chake malikisi onse a funso ayenera kulembedwa kuyambira pachiyambi, ndipo ndi bwinonso kusunga tsamba lakumapeto lolembapo malikisi onse amene wayesa pa mutu uliwonse, kuphatikizapo mafunso amene anakhoza. Akatero afanizenso ndi mapepala a zaka zam'mbuyo kuti aone kuti mutuwo umabwera motani, pakuti mutu umene akufookapo kwambiri komanso umabwera chaka ndi chaka ndiwo woyenera kukhala pa tsamba loyamba la manotsi obwerezera.

Pali mafunso ena amene ayenera kulowa m'kopemo ngakhale anachongedwa kuti ndi olondola. Ngati wophunzira anangolota yankho, kapena anakhoza chifukwa choti mnzake anamukumbutsa sitepe ina pa gulu lowerengera limodzi, funsolo silinakhozedwe kwenikweni, ndipo tsiku la mayeso mwayi umenewo sudzakhalapo. Komanso zolakwa zimene wophunzira anazilemba ali wotsimikiza kuti wakhoza aziika chizindikiro chapadera, chifukwa zimasonyeza kuti m'mutu mwake muli lamulo lolakwika limene amalikhulupirira. Amene amalemba (a + b)² = a² + b² mosakayika sakusowa chidziwitso ayi, ali ndi chidziwitso chopotoka, ndipo njira yabwino yomuwongolera ndi yakuti ayese ndi manambala: (2 + 3)² ndi 25, pamene 2² + 3² ndi 13.

Kulemba cholakwa m'kope sikutanthauza kuti chakonzedwa. Katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasonyeza kale m'chaka cha 1885 kuti zimene munthu waphunzira zimaiwalika mofulumira kwambiri m'maola ndi m'masiku oyambirira, ndiponso kuti kubwereza kotalikitsa nthawi kumathandiza kuposa kubwereza kambirimbiri tsiku limodzi. Choncho funso lililonse la m'kopemo liyesedwenso pakapita masiku awiri kapena atatu, kenako pakatha sabata, kenakonso pakatha mwezi, ndipo nthawi zonse tsamba la yankho likhale lophimbidwa. Kungowerenga kolekishoni n'kugwedeza mutu kumapatsa munthu chikhulupiriro chabodza, chifukwa kuzindikira yankho limene lili pamaso n'kosavuta kusiyana ndi kulitulutsa pa pepala loyera. Pa ulendo wachiwiri ndi bwino kusintha manambala, mwachitsanzo 3x² − 7x − 6 = 0 m'malo mwa funso loyamba lija, kuti zioneke ngati wagwira njira kapena wangoloweza kuti yankho linali 3 ndi −½. Funso likakhozedwa maulendo awiri otalikirana popanda thandizo, lidulidwe ndi mzere umodzi wosafufuta zolembazo, kuti likadzabweranso pa moko zidziwike kuti ndi matenda akale.

Njirayi ili ndi malire amene wophunzira ndi kholo ayenera kuwadziwa. Kope la zolakwa limaona zokhazo zimene munthu wayesa. Mutu umene wophunzira amauthawa, monga mavekita kapena porobabilite, kapena umene aphunzitsi sanafikepo chifukwa teremu inatha, suoneka m'kopemo, ndipo tsamba lake loyera likhoza kutengedwa ngati umboni wakuti zonse zili bwino. Kuti izi zipewedwe, funso lililonse lolumphidwa lilembedwe ngati lotaya malikisi onse, ndipo kamodzi pa mwezi wophunzira aike kopelo pambali pa mndandanda wa mitu ya m'silabasi n'kuona mitu imene sanayesepo funso ndi limodzi lomwe. Malire ena ndi akuti wophunzira amene mutu sanaumve n'komwe sangathe kupeza yekha mzere umene analakwitsa. Ameneyo alembe funsolo, asiye malo a chifukwa opanda kanthu, ndipo apite nalo kwa aphunzitsi pamodzi ndi pepala limene anasovera, kuti aphunzitsiwo aone pamene maganizo ake anapatukira m'malo mongomusovera funso lonse kuyambira pachiyambi.