Kalata ya dandaulo kwa akuluakulu ikhale ya masiku ndi umboni

Pa ntchito yanga ya mu ofesi yoona za antchito ndimalandira makalata a madandaulo opita kwa akuluakulu, ndipo ndatopa kuona anthu amene dandaulo lawo ndi lomveka akudziwonongera okha nkhani m'ndime yoyamba. Amayamba ndi kunena kuti bwana wawo ndi wankhanza, watsankho kapena wakuba, ndipo pofika kumapeto wowerenga sadziwa kuti vuto linayamba liti, anauzidwa ndani, ndiponso kuti wolembayo akupempha chiyani. Mkulu amene mukumulemberayo kunalibe pamene zinthu zinkachitika. Sangaone mumtima mwa bwana wanu, koma angathe kuitanitsa fayilo ndi kufufuza ngati pepala linafikadi pa tsiku limene mwatchula.

Nkhani imene imandiwawabe mumtima ndi ya mayi wina amene ankagwira ntchito mosungira katundu. Kwa miyezi ingapo sanalandire malipiro a maola owonjezera, ndipo atadandaula pakamwa kangapo osathandizidwa, analembera mkulu wa kampani kuti woyang'anira nthambi yawo amadya ndalama za antchito. Kalata yotero siingaikidwe pambali, chifukwa kuba ndi mlandu waukulu. Choncho nkhani ya malipiro inayamba yaima, ndipo kunayamba kufufuza za kuba. Woyang'anirayo anaitanidwa, natulutsa makope a mafomu onse, osainidwa pa nthawi yake. Zinapezeka kuti mafomuwo ankabwezedwa ndi ofesi ya malipiro chifukwa anali a mtundu wakale, ndipo uthenga wowabweza unkapita kwa munthu amene anali atasamutsidwa kale. Mayiwo atafunsidwa umboni wa kubako analibe. Ndalama zawo analandira pambuyo pake, koma iwo ndi woyang'anira uja sanathenso kugwirira ntchito pamodzi mwamtendere, ndipo patapita nthawi anasiya ntchito. Dandaulo lawo linali loona kuyambira pachiyambi, ndipo likanatha msanga akanangolemba zimene ankazidziwa.

Tiyerekeze kuti vuto lomwelo lagwera inu, ndipo masiku amene nditchule pano ndi ongoyerekeza. Chiganizo choyamba chinene nkhani yonse: kuti simunalandire malipiro a maola 36 amene munagwira mu Marichi, ndipo mukupempha kuti nkhaniyo iunikidwe. Kenako mundandalike zochitika motsatira masiku. Pa 2 Epulo munapereka fomu kwa woyang'anira nthambi, ndipo anaisaina tsiku lomwelo. Pa 28 Epulo malipiro anatuluka opanda maolawo. Pa 30 Epulo munafunsa ku ofesi ya malipiro ndipo munauzidwa kuti fomu sinafike. Pa 6 Meyi munatumiza kope la fomuyo pa imelo, ndipo mpaka tsiku limene mukulemba simunayankhidwe. Chochitika chilichonse chikhale ndi tsiku, chimene chinachitika, ofesi imene inakhudzidwa, ndi pepala limene likuchitira umboni, ndipo makope a mapepalawo muwaphatikize ku kalatayo, enieniwo musunge nokha.

Taonani zimene mndandanda umenewu wachita. Simunanene kuti wina wabisa fomu, komabe aliyense wowerenga aona yekha kuti pepala linasochera pakati pa 2 Epulo ndi 30 Epulo, pakati pa maofesi awiri. Mkuluyo tsopano akudziwa pofunsa, ndipo amene afunsidwewo ayankha za pepala popanda kuyamba kudziteteza. Munthu amene wanenezedwa amathera mphamvu zake poyeretsa dzina lake, ndipo sitingamudzudzule pa zimenezo, koma munthu amene wangofunsidwa kuti fomu ili kuti amapita kukaifuna.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi posakaniza zinthu zitatu zosiyana: zimene munaona nokha, zimene munauzidwa, ndi zimene mukuganiza. Zimene munaona lembani mosazengereza. Zimene munauzidwa lembani kuti munauzidwa, ndipo munene kuti anakuuzani ndani ndi tsiku lake. Zimene mukuganiza, makamaka za cholinga cha munthu, zisiyeni kunja. Mawu monga "mwadala", "amandida", "nthawi zonse" ndi "sanandithandizepo" ndi amene amapha kalata, chifukwa wina akangoonetsa tsiku limodzi limene munathandizidwa, zonse zimene mwalemba zimayamba kukayikiridwa. Ngati mwaiwala tsiku lenileni, lembani kuti zinachitika m'sabata yoyamba ya Meyi. Musapeke tsiku kuti kalata ioneke yokwanira, pakuti tsiku limodzi lolakwika likapezeka, ena onse amataya mphamvu.

Ena amamva malangizowa molakwa n'kuyamba kulemba mobisa, osatchula ofesi iliyonse, mpaka kalata imakhala yosathandiza. Kutchula kuti woyang'anira nthambi analandira fomu si kumuneneza ayi, ndi kunena chimene chinachitika. Ndiponso pali nkhani zimene munthu ayenera kutchulidwa ndithu, monga ngati wakuchitirani nkhanza, wakuopsezani, kapena mwamuona akuba. Ngakhale pamenepo, lembani zimene ananena ndi zimene anachita, malo, nthawi, ndi amene analipo, ndipo chigamulo muwasiyire amene ali ndi udindo wofufuza. Ngati nkhaniyo ikuika moyo kapena thanzi la munthu pachiswe, musadikire ndondomeko ya makalata, kaneneni tsiku lomwelo.

Kumapeto kwa kalata pemphani chinthu chimodzi chimene mkuluyo angathe kuchita, monga kuti fomu ifufuzidwe ndipo maolawo alipidwe pa malipiro otsatira, ndipo mutchule tsiku limene mukuyembekeza kumva yankho. Musapemphe kuti wina achotsedwe ntchito kapena alangidwe. Kalata yonse ikwane pa tsamba limodzi, chifukwa mkulu wotanganidwa akaona masamba asanu amaiika pambali kuti adzaiwerenge akapeza mpata. Ndimalangizanso kuti, pokhapokha ngati pali mantha enieni, bwana wanu mumudziwitse kuti nkhaniyo mukuipititsa patsogolo, ndipo mumupatse kope. Funso loyamba limene mkulu amafunsa ndi lakuti kodi amene ali pansi pake anapatsidwa mpata wokonza vutolo, ndipo mndandanda wanu uyenera kuyankha funsolo lisanafunsidwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuchedwa. Anthu amapirira miyezi yambiri akudandaula pakamwa pokha, ndipo akafika polemba amakhala atakwiya kale, masiku ataiwala, mauthenga a pafoni atafufutika, ndipo amene akanachitira umboni atachoka. Malo ambiri a ntchito ali ndi malire a nthawi yoperekera dandaulo, choncho werengani ndondomeko ya kwanu vuto likangoyamba. Mukakambirana ndi bwana pakamwa, tumizani uthenga waufupi tsiku lomwelo wonena zimene mwagwirizana, kuti zokambiranazo zisiye chizindikiro.

Chenjeraninso ndi alangizi a m'makonde, amene pa ntchito paliponse sasowa. Iwowa adzakuuzani kuti mulembe kalata yopanda dzina, kuti mutumize makope kwa aliyense amene ali ndi udindo, kapena kuti muike nkhaniyo pa gulu la pafoni kuti bwana achite manyazi. Kalata yopanda dzina ili ndi malo ake pamene munthu akuopa kubwezeredwa, koma pa nkhani ya malipiro anu siingathandize, chifukwa wofufuza sadziwa fayilo yoti atsegule kapena munthu woti amufunse. Kufalitsa nkhani kwa anthu osakhudzidwa kungakuikeni inuyo pa mlandu wophwanya malamulo a pa ntchito kapena woipitsa mbiri ya munthu, ndipo pa tsiku lokayankha mlanduwo amene anakulangizaniyo sadzakhala nanu m'chipindamo. Ngati mukufuna wokuwerengerani kalata musanaitumize, pitani kwa nthumwi ya bungwe la antchito kapena kwa munthu wodekha amene nkhaniyo sikumukhudza, ndipo mumupemphe kuti achonge chiganizo chilichonse chimene simungachitsimikize ndi pepala kapena mboni.