Opaleshoni ya leza siichotsa magalasi onse

“Ukapangitsa opaleshoni ya maso ya leza, magalasi watsanzikana nawo moyo wonse.” Bodza limeneli lakhalitsa, ndipo lafika pokwana.

Leza, komwe ndi kuwala kwamphamvu kochokera m'makina, imasema galasi loonekera la kutsogolo kwa diso kuti kuwala kuzifika pamalo oyenera. Imathandiza amene saona bwino patali, bola akhale a zaka 18 kapena kuposerapo ndipo mphamvu ya magalasi awo ikhale isanasinthe kwa chaka chathunthu. Koma munthu akamapitirira zaka 40, kagalasi ka m'kati mwa diso kamayamba kulimba, ndipo kuona pafupi kumavuta. Leza siikhudza kameneko, choncho mayi wochitidwa opaleshoni ali ndi zaka 28 adzafunabe magalasi owerengera akamafika zaka 45. Ng'ala nayonso siichoka ndi opaleshoniyi.

Oyembekezera, oyamwitsa ndi odwala shuga wosatsika amauzidwa kudikira. Amene galasi lawo lakutsogolo ndi lopyapyala amakanizidwa, chifukwa kulisema kungalifooketse n'kuyamba kutukumuka.

Musanavomere, funsani dokotala kuti: “Galasi langa mwaliyeza kukhuthala kwake, ndipo mukasema litsala lotani? Maso akayamba kuuma kapena nyali zikamandithobwa usiku, mudzandithandiza bwanji?” Yerekezaninso mapepala anu oyezera maso a chaka chatha ndi a chaka chino. Zomwe simunazitsimikize kwa dokotala wa maso musazifalitse.