Musangoti "m'Chitchaina", ndiuzeni kumene kuli wokawerengayo

Sabata sipita popanda wina kundiimbira foni kuti, "Achimwene, tili ndi kapepala kathu, katimasulireni m'Chitchaina." Ndikafunsa kuti kapepalako kakupita kuti, amandiyankha ngati ndafunsa zachibwana: "Kwa Matchaina." Yankho limeneli ndatopa nalo. Matchaina ake ati? A ku Beijing, a ku Taipei, kapena a ku Hong Kong? Ndisanadziwe zimenezi sindingalembe ngakhale chilembo chimodzi.

Chitchaina chimalembedwa m'njira ziwiri. Pali zilembo zamakolo, zomwe amagwiritsa ntchito ku Taiwan, Hong Kong ndi Macau. Palinso zilembo zofupikitsidwa, zomwe boma la China linayamba kukhazikitsa mu 1956, n'kutulutsa mndandanda waukulu wa zilembo zoposa 2,000 mu 1964. Singapore ndi Malaysia anatsatira zofupikitsidwazi. Chilembo cha hatchi, mwachitsanzo, m'kalembedwe kamakolo ndi 馬, cha mizere 10, pamene chofupikitsidwa ndi 马, cha mizere itatu yokha.

Ena amafuna kuoneka odziwa, ndiye amati, "Tilembereni Chimandarini." Sizithandiza. Chimandarini ndi Chikantoni ndi zolankhula pakamwa. Ku Taiwan amalankhula Chimandarini koma amalemba zamakolo. Ku Guangzhou, komwe amalonda athu amakaoda katundu, anthu ambiri amalankhula Chikantoni monga a ku Hong Kong, koma amalemba zofupikitsidwa. Funso ndi la malo basi.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya mayi wina wa malo ogona alendo kunyanja. Ankafuna timabuku totsatsa malo ake kuti mnzake akagawe ku Taipei, likulu la Taiwan. Mwana wa mlongo wawo, amene anaphunzira ku China, anamasulira zonse m'zilembo zofupikitsidwa, ndipo kunena zoona anamasulira bwino. Atamva kuti ku Taiwan salemba choncho, anangopita pa kompyuta n'kudina batani losandutsa zilembo. Tsamba lonse linasintha m'kuphethira kwa diso, zilembo n'kuoneka zothithikana monga zamakolo zimaonekera. Anakasindikiza. Kwa ine anabwera mabokosi atatuluka kale kosindikiza, ati ndingoponyapo diso.

Ndinayamba ndi tsamba la zakudya. Panali usipa wouma. Nsomba youma m'zilembo zofupikitsidwa ndi 鱼干. Vuto lili pa chilembo chachiwiricho. Pofupikitsa, anatenga zilembo zingapo zosiyana n'kuziphatikiza kukhala chimodzi. Chilembo 干 chinameza 乾, kutanthauza chouma, ndi 幹, kutanthauza kuchita kapena thunthu la mtengo. Ukamabwerera ku zamakolo uyenera kusankha, ndipo batani lija linasankha 幹. Ku Taiwan chilembo chimenechi ndi mawunso otukwanira, aja oti sungawatchule pamaso pa apongozi. Ndiye pamndandanda wa zakudya panalembedwa "nsomba" kenako chitukwano. Mayi aja atamva anangogwira pakamwa.

Si chilembo chokhacho. 发 chimaimira 發, kutumiza kapena kulemera, komanso 髮, tsitsi, moti malo ometerako tsitsi amasanduka zosamveka. 面 chimaimira nkhope komanso 麵, ufa wa tirigu ndi zakudya zake zazingwezingwe zija. Mapulogalamu abwinoko amayang'ana mawu oyandikana nawo ndipo nthawi zambiri amalasa, koma "nthawi zambiri" si zokwanira pa chinthu chomwe mukalipira kusindikiza. N'chifukwa chake kuchoka ku zamakolo kupita ku zofupikitsidwa n'kosavutirapo, pakuti zambiri zikulowa m'chimodzi. Njira yobwerera ndiyo ili ndi maenje.

Koma tiyerekeze kuti zilembo zonse zasanduka bwino. Ntchito ikadalipo, ndipo apa ndi pamene anthu sandimvetsa. Anthu a ku China ndi a ku Taiwan akhala motalikirana kuyambira 1949, ndipo mawu awo anapatukana. M'kabuku kaja munali mbatatesi, yomwe ku China ambiri amaitcha 土豆. Zilembo ziwirizi sizisintha, ndi zomwezo m'kalembedwe konse kuwiri, choncho batani linazidutsa osazikhudza. Koma ku Taiwan 土豆 ndi mtedza. Mbatatesi kumeneko ndi 馬鈴薯. Mlendo akanaitanitsa chambo akuyembekezera mtedza pambali. Inu ogulitsa mtedza kunja, izi zikukukhudzaninso. Lembani 花生, amamva konsekonse. Takisi nayo ili ndi maina ake: 出租车 ku China, 計程車 ku Taiwan, 的士 ku Hong Kong, 德士 ku Singapore. Taonani kuti Hong Kong ndi Taiwan onse amalemba zamakolo koma mawu asiyana, Singapore ndi China onse zofupikitsidwa koma mawu asiyananso. Kunena kuti "zamakolo" chabe sikunayankhe funso langa.

Chomwe chinandikhumudwitsa kwambiri chinali pachikuto penipeni: dzina la dziko lathu. Ku China amalemba 马拉维. Batani linalisandutsa 馬拉維, zomwe ku Hong Kong zikanadutsa. Ku Taiwan amalemba 馬拉威, chilembo chomaliza n'china. Ndipo anthu a ku Taiwan dzinali amalidziwa bwino, chifukwa Malawi anali paubale ndi Taiwan kuyambira 1966 mpaka kumapeto kwa 2007 pomwe tinatembenukira ku Beijing. Munthu wa ku Taipei akaona pachikuto dzina la Malawi litalembedwa mwa ku Beijing amadziwiratu kuti kabukuka analembera ena, iye angomupatsa makombo. Kuwerenga awerenga, pakuti ambiri amatha kuzindikira kalembedwe ka anzawo. Koma nkhani ya zilembo kumeneko imakhudzanso ndale ndi mtima, ndipo inu mukufuna ndalama zake.

Mukhoza kugwiritsa ntchito dzina lomweli ngati muyeso, ngakhale simudziwa Chitchaina. Womasulira akakupatsani ntchito yopita ku Taiwan, fufuzani pomwe pali dzina la Malawi muone chilembo chachitatu. Onaninso zizindikiro zotsekera mawu a munthu: ku Taiwan amakonda 「 」, pamene ku China amalemba zofanana ndi zathuzi. Mukapeza zilembo zamakolo koma dzina ndi zizindikiro zili za ku China, dziwani kuti panadutsa batani, osati munthu.

Chenjerani ndi aliyense wokuuzani kuti akupatsani "zonse ziwiri pamtengo umodzi, mawa m'mawa". Chenjeraninso ndi amene walandira ntchito osakufunsani kumene ikupita. Ameneyo mwina sadziwa kuti funsoli lilipo, kapena akudziwa koma sakusamala. Ineyo ndinaphunzira zofupikitsidwa, ndipo ntchito ya ku Taiwan ndikaimaliza ndimalipira munthu wobadwira komweko kuti aiwerenge. Sindichita nazo manyazi. Ngati mukufuna misika iwiri, konzani ndalama za ntchito ziwiri, yachiwiriyo yotsikirapo mtengo chifukwa ndi yokonza mawu. Ngati thumba likulola imodzi yokha, sankhani kumene kuli makasitomala enieni. Alendo ndi amalonda ambiri a Chitchaina amene timawaona ku Lilongwe ndi ku Blantyre masiku ano ndi ochokera ku China, choncho chikwangwani cha pano chikhale cha zofupikitsidwa.

Opanga masamba a pa intaneti, musalembe `zh` yekha posonyeza chilankhulo cha tsamba. Zofupikitsidwa ndi `zh-Hans`, zamakolo ndi `zh-Hant`, ndipo ngati mawu mwawakonzera dera, onjezerani, monga `zh-Hant-TW` kapena `zh-Hant-HK`.

Ndipo chonde bwerani msanga. Mayi wa kunyanja uja akanandionetsa ntchitoyo isanapite kosindikiza, ndikanaikonza masiku awiri. Anabwera kutatsala masiku anayi kuti mnzawo akwere ndege, ndalama zosindikizanso palibe. Tinasindikiza timapepala tomata, n'kukhala usiku wonse ndi ana awo tikumata pa dzina la Malawi ndi pa usipa, kabuku ndi kabuku. Mbatatesi tinaisiya choncho, timapepala tinatha.