Filimu yaulere sipempha kuwerenga mauthenga anu

Ife okonza mafoni tatopa ndi mawu akuti "ndinangoika pulogalamu ya mafilimu aulere". Pulogalamuyo mwini wake sanaitenge ku Play Store, anachita kulandira kwa mnzake pa WhatsApp ngati fayilo ya APK. Chonde abale, lekani. Filimu yaulere yovomerezeka sifuna kuti muike chinthu chachilendo m'foni mwanu.

Mafilimu aulere enieni alipo, ndipo ali poyera. Pa MBC TV ndi makanema ena osalipira, nkhani ya chilolezo cha filimu ndi ya eni nyumba youlutsira, osati yanu. Pa archive.org pali mafilimu akale amene umwini wake unatha. Pa YouTube eni ake ambiri amaika okha: DW Documentary ndi ya nyumba youlutsa mawu ya ku Germany, Korean Classic Film ndi ya malo osungira mafilimu a ku South Korea, ndipo opanga mafilimu ambiri a ku Nigeria amatulutsira pa matchanelo awo n'kumapeza ndalama kudzera m'malonda amene amadukiza filimuyo.

Nanga yakuba mungaidziwe bwanji? Yang'anani chithunzi. Wakuba amathawa makina a YouTube ozindikira umwini, ndiye amatembenuza filimu moti zolemba pa zikwangwani zimawerengeka chobwerera, kapena amaipanikiza m'kabokosi pakati pa sikirini. Mawu amamveka othamanga ngati a ana. M'munsi amalemba kuti gawo lotsala mukalipeze pa Telegram. Musapiteko. Kachizindikiro kochonga pafupi ndi dzina la tchanelo kamathandiza, koma YouTube imapereka kawirikawiri kwa amene afikitsa owatsatira 100,000, choncho wopanga mafilimu wa kuno kwathu akhoza kukhala mwini weniweni koma alibe. Zikatero tsatirani linki imene iye mwini walengeza.

Amandiwawabe mtima mayi wina wogulitsa kaunjika. Mwana wawo anaika pulogalamu ya mafilimu aulere ija m'foni mwawo, ndipo inapempha chilolezo cha SMS ndi Accessibility. Pulogalamu yoonetsa filimu iwerengerenji mauthenga? Accessibility imailola kuona zonse za pa sikirini ndi kudina yokha. Foni inayamba kutentha, bandulo kutha usiku eni ali m'tulo, malonda kutulukira ngakhale poimba. Mayiwo anapirira mpaka WhatsApp yawo inalandidwa n'kuyamba kupempha ndalama kwa makasitomala. Kenako anapita kwa mnyamata wa pamsika amene anaifulasha osasunga kanthu, manambala ndi zithunzi za katundu zonse n'kupita, ndipo powabwezera anawaikiranso pulogalamu ina ya mafilimu ngati basera!

Mukaona zizindikirozi musadikire mawa. Zimitsani intaneti, lowani mu Settings, muchotse chilolezo cha Accessibility, kenako pulogalamuyo. Ikakana kuchoka, onani pa Device admin apps ngati yadzilembetsa pamenepo. Sinthani nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwelo, ndipo aliyense wofuna kufulasha foni yanu ayambe wakuonetsani kumene wasunga manambala anu.