Kulemba chidule cha lamya ya kileyimu ya inshulansi ya galimoto: mafunso ndi mayankho

Andipatsa lamya yojambulidwa ya mphindi 18. Ndiyambire pati?

Imvereni yonse kaye cholembera chili pansi. Munthu amene wangochita ngozi salongosola nkhani mwandondomeko, ndipo zimene wanena pa mphindi yachitatu amatha kuzikonza yekha chakumapeto. Ulendo wachiwiri ndiye muzilemba, mfundo iliyonse ndi mphindi yake pambali, monga 04:12, kuti woweruza kileyimu, yomwe ndi pempho la kasitomala loti kampani ya inshulansi ilipire, akakayika angopita pomwepo. Pamwamba pa tsamba ikani tsiku ndi nthawi ya lamyayo, nambala ya inshulansi, nambala ya galimoto, komanso amene anaimba: mwini wake, dalaivala kapena buloka, mkhalapakati wa kasitomala ndi kampani ya inshulansi.

Kasitomala akuti minibasi ndi imene inalakwa. Ndilembe choncho?

Lembani kuti iye ndi amene wanena. Tiyerekeze kuti ngozi yachitika pa Lunzu mumsewu wa M1, ndipo woimbayo akuti, "Minibasi inangolowa mumsewu osayang'ana." Mukalemba kuti "minibasi inalowa mumsewu osayang'ana", mwagamula mlandu umene apolisi ndi woyesa kuwonongeka sanaugamule. Cholondola n'chakuti: "Malinga ndi woimba (03:40), minibasi inalowa mumsewu mwadzidzidzi."

Chenjeraninso ndi mwini galimoto amene sanali pamalopo. Akamati "dalaivala wanga akuti", zimenezo n'zongomva, ndipo chidule chisonyeze choncho. Akadzitsutsa, poyamba n'kunena kuti ankayendetsa yekha kenako n'kutchula mphwake, lembani zonse ziwiri ndi mphindi zake. Musamusankhire. Amene anali pachiwongolero, komanso ngati anali ndi laisensi yoyenera, ndi nkhani yoti kileyimu itha kuimirira kapena kugwa nayo.

Sanatchule deti, wangoti "Lachisanu lapitali".

Werengerani kuchokera pa tsiku limene lamya inajambulidwa, osati tsiku limene mukumvetsera. Ngati anaimba Lolemba pa 10 Malichi 2025, Lachisanu lapitalo ndi pa 7 Malichi. Lembani mawu ake, kenako detilo, n'kuonetsa kuti mwachita kuwerengera nokha. Mawu oti "dzana" ndi ovuta kwambiri: ena amatanthauza tsiku lotsogolera dzulo, ena amangotanthauza posachedwapa. Pamenepo musaike deti, lembani kuti afunsidwenso. "Cha m'ma 7 koloko" nayonso ikufunika kudziwika ngati ndi m'mawa kapena madzulo.

Madeti atatu asasokonezeke: la ngozi, lokanena kupolisi, ndi lodziwitsa kampani. Mgwirizano wa inshulansi umakhala ndi nthawi yoti munthu akhale atanena za ngozi, ndiye kulakwitsa deti limodzi kungachititse kuti munthu wosachedwa aoneke ngati anachedwa.

Watchula ndalama zosiyanasiyana. Yeniyeni ndi iti?

Mu chitsanzo chathu, pa 07:05 akuti zonse "zingafike mamiliyoni atatu". Pa 09:30 akuwerenga koteshoni ya galaja ya K2,400,000. Pa 11:15 akuti analipira bulekidawuni "wani fifite". Mamiliyoni atatuwo n'kungoganizira, choncho alembedwe padera. Koteshoni ili ndi pepala kumbuyo kwake, koma ndalamayo sinalipiridwe. Ya bulekidawuni yatuluka kale m'thumba, ndipo mwina ndi K150,000, komabe muike chizindikiro kuti lisiti ndi limene litsimikize. Zimene zili ndi maziko zikukwana K2,550,000.

Musachotse ekisesi, gawo lija limene kasitomala amalipira yekha, ngakhale mukuidziwa. Chidule chimanena zimene zapemphedwa, osati zimene zidzaperekedwe. Zofuna za mwini minibasi kapena za anthu ovulala zikhale pamzere wawo, chifukwa zimayendetsedwa mosiyana ndi kukonzetsa galimoto ya kasitomala. Ndipo ngati wolandira lamya analonjeza chilichonse, monga kutumiza woyesa Lachitatu, chilembeni mmene anachinenera.

Za zikalata ndilembe bwanji kuti asabwezedwe kawiri?

Chikalata chilichonse chikhale ndi mmene chilili, amene akuchibweretsa, ndi tsiku. Pa ngozi ya galimoto nthawi zambiri pamafunika fomu ya kileyimu yosainidwa, lipoti la apolisi, laisensi ya amene ankayendetsa, bulubuku, satifiketi yosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, makoteshoni, zithunzi ndi malisiti.

Kasitomala akati "ndatumiza kale", tsegulani fayilo muone. Ngati mulibe, lembani kuti "akuti anatumiza pa 8 Malichi, sichikuoneka". Zimene zimaiwalika kawirikawiri ndi zimene sizinatchulidwe n'komwe pa lamya. Ngati wolandira lamya sanafunse za laisensi ya mphwake uja, iikeni pa mndandanda wa zosowa, n'kuonjezera kuti kasitomala sanauzidwe, kuti womuimbira ayambe ndi kumufotokozera m'malo momufunsa chifukwa chimene wachedwera.

Pena mawu sakumveka chifukwa cha netiweki.

Lembani "sizikumveka, 12:20 mpaka 12:34", ndipo musadzazemo zongoganiza. Ngati mpatawo wagwera pa ndalama, deti kapena nambala ya galimoto, muike pamwamba penipeni pa chidule ngati funso loyamba kufunsa pomuimbiranso.