Kuchoka pa “tikuwonjezera 3” kukafika pa 3n + 1 = 61

Mukalemba pa bolodi manambala 4, 7, 10, 13 n’kufunsa kuti yotsatira ndi iti, pafupifupi kalasi yonse imakweza manja. Aliyense waona kuti tikuwonjezera 3. Koma ana omwewo, amene angoyamba kumene sekondale, mukawalembera 3n + 1 = 61, manja aja amatsika. Zimandiwawa kuona ana anzeru akuyamba kuopa aljebura pamenepa, chifukwa samu ziwirizi ndi nkhani imodzi, ndipo m’phunziro limodzi la mphindi 40 mwana angathe kuchoka pa yoyambayo kukafika pa yachiwiri akumvetsa chimene akuchita. Chofunika n’chakuti mphunzitsi adziwe pamene pali povuta. Sipali pa chilembo n ayi. Pali pa mawu akuti “tikuwonjezera 3”.

Phunziro liyambe ndi chinthu chogwirika. Ana apatsidwe timitengo ta machesi, kapena angojambula timizere m’makope mwawo. Bokosi limodzi la mbali zinayi limafuna timitengo 4. Lachiwiri likalumikizidwa kumbali kwake limabwereka khoma la loyamba lija, ndiye timitengo tonse timakhala 7. Mabokosi atatu 10, anayi 13, asanu 16. Izi zilembedwe m’mizere iwiri, pamwamba chiwerengero cha mabokosi, pansi chiwerengero cha timitengo. Mzere wapamwambawo usaiwalike, chifukwa ndi umene udzabale n. Gawo limeneli lisadye nthawi. Mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi n’zokwanira.

Tsono nali vuto. Lamulo loti “wonjezera 3” ndi loona, koma limangothandiza munthu amene akudziwa nambala yapambuyo pake. Maso a mwana amangoyenda mumzere wapansi, kuchoka pa 13 kupita pa 16, osayang’ana n’komwe kuti 16 ali pansi pa 5. Aljebura imafuna kuti maso atsike kuchokera pamwamba kupita pansi: ndikadziwa mabokosi, timitengo ndingatipeze bwanji? Kumuuza mwana kuti asinthe kayang’anidwe sikuthandiza. Chimene chimathandiza ndi funso limene njira yakale ija singalikwanitse. Funsani kaye za mabokosi 10, kenako, asanapume, za mabokosi 100.

Mayankho olakwika amene amabwera apa ndi chuma, ndipo mphunzitsi asawafufute msanga. Pa mabokosi 10, wina anena 32. Iyeyu waganiza kuti poti mabokosi 5 afuna 16, ndiye 10 afuna 16 kawiri. Musamutsutse ndi pakamwa. Muuzeni amange mizere iwiri ya mabokosi asanu asanu, kenako ailumikize. Akaigunditsa aona yekha kuti pakati pali makoma awiri pamene pakufunika limodzi, achotsa kamtengo kamodzi, ndipo titsala 31. Pa mabokosi 100, wina anena 400 poiwala kuti makoma akubwerekana, wina anena 300 chifukwa watenga 3 uja n’kuchulukitsa ndi 100. Wa 300 uyu ali pafupi kwambiri. Mumfunse ngati njira yakeyo ikugwira pa bokosi limodzi. Apeza 3, pamene patebulo pali timitengo 4, ndipo iye yekha ayamba kufunafuna kamtengo kosowako.

Apa m’pofunika kufatsa, ngakhale pathe mphindi khumi kapena kuposerapo. Ana amangenso mzerewo, koma ulendo uno ayambe ndi kamtengo kamodzi koimirira kumanzere. Akaikapo timitengo titatu, pamwamba, pansi ndi kumanja, bokosi loyamba latseka. Titatu tina, lachiwiri latseka. Bokosi lililonse likubwera ndi timitengo titatu, ndipo pali kamodzi kaja koyambira. Pa bolodi zilembedwe motsatizana: 3 × 1 + 1 = 4, kenako 3 × 2 + 1 = 7, kenako 3 × 3 + 1 = 10. Funso lofunsa ndi lakuti, n’chiyani chikusintha, nanga n’chiyani chikukhala chimodzimodzi? Akaona kuti nambala imodzi yokha ndiyo ikusintha, ndipo nambalayo ndi chiwerengero cha mabokosi, 301 amabwera mosavuta.

Chilembo chisafulumire. Ana ayambe anena lamulolo m’mawu awoawo: tenga chiwerengero cha mabokosi, uchulukitse ndi 3, uwonjezere 1. Palibe chochititsa manyazi pochita aljebura ndi mawu. Al-Khwarizmi, amene analemba za aljebura ku Baghdad cha m’ma 820, ankafotokoza zonse m’mawu popanda zilembo zoimira manambala, ndipo chizindikiro cha = chinadzayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1557 ndi Robert Recorde. Ana akalemba mawu akuti “chiwerengero cha mabokosi” kawiri kapena katatu amatopa nawo, ndipo mukawauza kuti tingolemba n m’malo mwake amalandira ndi manja awiri. Ndiye 3 × n + 1, chimene timachifupikitsa kukhala 3n + 1. Nenani momveka kuti n si bokosi, koma ndi nambala yonena kuchuluka kwa mabokosi. Mwana amene wagwira zoti chilembo ndi dzina la chinthu amadzavutika nazo zaka zingapo.

Mukamazungulira m’kalasi mupeza ena alemba n + 3. Ameneyu akadali mumzere wapansi uja, wangoveka chilembo pa “wonjezera 3”. Ena alemba 4n, poganiza kuti 3n + 1 sanathe, ayenera kuphatikizidwa kuti patuluke chinthu chimodzi. Mankhwala a onsewa ndi amodzi: ikani 2 m’malo mwa n, muone ngati mupeza 7. Woyamba apeza 5, wachiwiri 8. Chizolowezi choyesa lamulo pa mabokosi amene angathe kuwerengedwa ndi chala n’chimene ndimafuna mwana atuluke nacho koposa zina zonse, chifukwa chimamumasula kuti asamadikire mphunzitsi kumuuza ngati wakhoza.

Nthawi zina pamapezeka mwana amene waona mosiyana. Iye akuti bokosi loyamba lili ndi 4, otsalawo ali ndi titatu titatu, ndiye pa mabokosi 100 wapanga 4 + 3 × 99. Wapezanso 301. Muyamikireni, njira yake ilembedwe pambali pa bolodi, koma musayambe lero kuphunzitsa mabulaketi pofuna kusonyeza kuti njira ziwirizi n’zofanana. Limenelo ndi phunziro la tsiku lina.

Tsopano patsala mphindi ngati khumi ndi zisanu, ndipo funso litembenuzidwe. Mpaka pano takhala tikupereka mabokosi n’kufunsa timitengo. Nenani kuti: ndili ndi timitengo 61 ndipo ndagwiritsa ntchito tonse, ndamanga mabokosi angati? Musalembe kanthu. Asiyeni alimbane nalo awiriawiri. Ena ayesa 15, apeza 46, akwera mpaka afika. Koma nthawi zambiri pamapezeka wina wonena kuti, “Aphunzitsi, ndachotsa kamodzi koyamba kaja, kwatsala 60, ndiye ndagawa ndi 3, ndi mabokosi 20.” Mwana ameneyu wathetsa ikweshoni asanaione. Ntchito ya mphunzitsi ndi kungolemba zimene wanenazo. Timitengo tonse ndi 3n + 1, ndipo tauzidwa kuti tilipo 61, choncho 3n + 1 = 61. Kuchotsa kamodzi kaja kukutipatsa 3n = 60. Kugawa ndi 3 kukutipatsa n = 20. Mzere uliwonse uwerengedwe mokweza pokhudza timitengo tenitenito: “timitengo ta m’magulu a titatu titatu tilipo 60”, “magulu alipo 20”.

Ana aone chifukwa chake tayamba ndi kuchotsa, osati kugawa. Pomanga lamulo tinachulukitsa kaye, kuwonjezera kunabwera pomaliza. Pobwerera m’mbuyo timayamba kumasula chimene chinachitika pomaliza. Amene wayamba ndi kugawa 61 ndi 3 apeza 20 kutsala 1, n’kusokonezeka, kapena achotsanso 1 pa 20 n’kunena 19. Yankho limenelo likaikidwa mu 3n + 1 litulutsa 58, ndipo cholakwacho chaonekera chokha.

Pali kalembedwe kena kamene ndimakakana ngakhale yankho lili lolondola. Mwana amalemba 61 − 1 = 60 ÷ 3 = 20, zonse mumzere umodzi. Kwa iye chizindikiro cha = chikutanthauza kuti “yankho nali, tipitirize”. Koma chizindikirochi chimanena kuti cha kumanzere ndi cha kumanja n’zofanana, ndipo 61 − 1 safanana ndi 20. Mu 3n + 1 = 61 tanthauzo lomwelo ndi limene likugwira ntchito: mbali ziwirizo ndi njira ziwiri zonenera mulu umodzi wa timitengo. N’chifukwa chake tikachotsa 1 kumanzere timachotsanso kumanja. Ndimapewanso kuuza ana kuti nambala “imadumpha” chizindikiro n’kusintha. Palibe chimene chimadumpha. Amene waloweza zodumphazo amadzasokonezeka akafika pa 3n = 60, n’kulemba 60 − 3.

Nthawi ikalola, funsani za timitengo 50. Ikweshoni ndi 3n + 1 = 50, kuchotsa 1 kutsala 49, ndipo 49 sagawika ndi 3 popanda chotsala. Kalasi imakhala kaye chete, kenako wina amazindikira kuti tingamange mabokosi 16 ndi timitengo 49, kamodzi n’kutsala. Apa ana aphunzira kuti 50 mulibe mu mndandanda wa 4, 7, 10, 13 uja, ndipo adziwa zimenezi popanda kuwerenga mpaka kukafika kumeneko.

Njira yobwerera m’mbuyoyi ili ndi malire ake. Imagwira bwino pamene n akupezeka kamodzi, mbali imodzi. Ikadzabwera samu ngati 3n + 1 = 2n + 9, palibe nambala yoyambirapo kubwerera, ndipo mwana ayenera kudalira mfundo yochita zofanana mbali zonse ziwiri. Musailowetse lero, koma mawu akuti “tachotsa 1 mbali zonse” amvekere lero lomwe kuti adzakhale ndi pogwira.

Mphindi zisanu zomaliza aliyense agwire yekha, pa kapepala. Jambulani matirayango olumikizana, a timitengo 3, 5, 7. Alembe lamulo lake, kenako apeze kuti timitengo 35 tingamange matirayango angati. Wolemba 2n + 1 = 35 n’kupeza 17 wafika. Wolemba n + 2 akufunika kubwereranso ku timitengo mawa m’mawa. Wopeza 17 popanda ikweshoni wamvetsa nkhaniyo, changotsala n’kumuthandiza kulemba maganizo akewo mzere ndi mzere. Wolemba 3n + 1 pa matirayango wangoloweza za pa bolodi, ndipo ameneyo ndiye woyamba kukhala naye pansi.