Mapulateleti ochuluka: chifukwa chake ena timawapatsa asipirini, ena timawaletsa

"Mnzanga wa ku Luchenza ali ndi matenda ngati anga ndipo akumwa asipirini. Ine mwandiletsa. Kodi si kukondera kumeneku?"

Si kukondera ayi, ngakhale tikumvetsa chifukwa chake dandaulo limeneli likubwerabwera pa mzere wa odwala magazi. Matendawa, omwe madokotala amati esenshiyo thirombosaitemiya ndipo m'kabuku kanu ka kuchipatala timalemba ET, amatha kuundanitsa magazi mwa munthu mmodzi koma n'kumutayitsa magazi mnzake. Asipirini amathandiza woyambayo, wachiwiriyo angamupweteke.

"Mapulateleti ndi chiyani?"

Ndi tizidutswa ta m'magazi totseka pabala. Timapangidwa m'mafuta a m'mafupa ndipo timakhala masiku 7 mpaka 10. Pa pepala la ku labu onani pamene palembedwa PLT: nambala yabwino ndi 150 mpaka 450.

"Nambala yanga yadutsa 450. Ndiye kuti ndili nawo?"

Nthawi zambiri ayi. Kuchepa kwa ayironi m'thupi, kaya chifukwa cha njoka za m'mimba kapena msambo wambiri, kumakweza mapulateleti. Chimodzimodzi chifuwa chachikulu, opaleshoni ya posachedwa, ndi kuchotsedwa kapamba. Zikatero timachiza choyambitsacho, nambala imatsika yokha. ET timayiganizira nambala ikakhalabe pamwamba titayeza kangapo koma choyambitsa osapezeka.

"Ngati ntchito yake ndi kutseka mabala, ochuluka angatayitse bwanji magazi? Zikumveka ngati adokotala akudzitsutsa."

Tiyambe ndi kuundana. Mu ET mafuta a m'mafupa amapanga mapulateleti osapuma chifukwa jini ina, yomwe ndi malangizo a mkati mwa maselo, yasintha. Mwa odwala oposa theka ndi jini yotchedwa JAK2, mwa ena ndi CALR kapena MPL. Mapulateleti amenewa sachedwa kumatana, ndipo mwa amene ali ndi JAK2 maselo oyera a m'magazi nawonso amakhala olusa, amathandizira kuundanako. Timibulu tikatseka timitsempha ta m'zala, manja kapena mapazi amafiira ndi kutentha ngati mwaponda makala. Ena mutu umawawa, m'maso mumachita chidima kwa kanthawi, kapena amamva dzanzi. Ukatsekeka mtsempha waukulu ndiye sitiroko, matenda a mtima, kapena mwendo umodzi kutupa.

Kutaya magazi kuli ndi njira yakeyake. Pulateleti siimata pabala payokha. Imadalira puloteni ina ya m'magazi yotchedwa dzina la dokotala wa ku Finland, Erik von Willebrand, amene anafotokoza matenda a kusowa kwake mu 1926. Puloteniyi imagwira ntchito ngati ulimbo, ndipo ndi zingwe zake zazitali zimene zimagwira kwambiri. Mapulateleti akachulukitsa, amakakamira zingwe zazitalizo m'magazi momwemo, zimadulidwa n'kuchotsedwa msanga, kutsala zazifupi zopanda mphamvu. Ndiye tsiku limene mwazula dzino, mapulateleti alipo ambirimbiri koma ulimbo woti awamate pabalapo watha. Izi zimaoneka kawirikawiri nambala ikadutsa 1,000, makamaka ikafika cha ku 1,500. Magazi ake amatulukira m'mphuno, m'nkhama, m'mimba (chimbudzi chakuda ngati phula), kapena msambo wosatha, ndipo pakhungu pamabwera mikwingwirima popanda kumenyedwa.

Asipirini amafooketsa mapulateleti kwa moyo wawo wonse. Kwa munthu amene ulimbo watha kale, ndiye kuwonjezera vuto pa vuto.

"Ndiye amene ayenera kulandira asipirini ndani, nanga haidurokisiyuleya ndani? Ine nambala yanga ndi yaikulu kuposa ya mnzanga."

Apa ndi pamene pali mkangano, ndipo tivomereze kuti sitinafotokoze bwino kwa ena a inu. Kukula kwa nambala sikumene kumatiuza amene magazi ake aundane. Timayang'ana zaka, ngati zadutsa 60. Ngati munthu anaundanapo magazi kale. Ngati ali ndi JAK2. Komanso fodya, shuga ndi bipi. Munthu wa nambala 600 akhoza kugwa sitiroko pamene wa 1,400 ali bwinobwino.

Tiyerekeze anthu awiri. Bambo wa zaka 66 wa ku Chitakale, PLT 620, anachitapo sitiroko yaing'ono chaka chatha ndipo sataya magazi. Ameneyu amalandira asipirini wochepa, 75 mg pa tsiku, pamodzi ndi haidurokisiyuleya wotsitsa mapulateleti mpaka pansi pa 400. Wachiwiri ndi mayi wa zaka 63 amene anapuma ntchito yothyola tiyi ku Thyolo, PLT 1,620, kamfuno kawiri pa mlungu, nkhama zotuluka magazi akamatsuka mkamwa. Mayiyu asipirini timamuimitsa. Amayamba haidurokisiyuleya, mwina kapisozi wa 500 mg kawiri pa tsiku malinga ndi kulemera kwake ndi impso zake, ndipo timayeza magazi pa milungu iwiri iliyonse poyamba. Nambala ikatsika pansi pa 1,000 zingwe zija zimabwerera, kamfuno kamasiya, ndipo apa ndi pamene dokotala angamuyambitse asipirini, chifukwa kwa zaka zakezo kuundana ndiye kwakhalanso chiopsezo chachikulu.

Malire a 1,000 si mwala ayi. Alipo oposa pamenepo amene sataya magazi. Kuyeza kumene kumaonetsa mphamvu ya ulimbo uja kukatheka, asipirini amaimitsidwa ikakhala pansi pa 30 pa 100 iliyonse. Kukapanda kutheka, dokotala amagamula poona zizindikiro, ndipo madokotala awiri akhoza kusiyana pang'ono. Wachinyamata amene sanaundanepo magazi ndipo alibe JAK2 mwina sapatsidwa mankhwala alionse, timangomuyang'anira. Sikuti tamunyalanyaza.

"Bwanji mukutitumiza ku Blantyre, thiransipoti ili yodula chonchi? Alipire ndani?"

Makina a labu ya pa boma amawerenga mapulateleti, koma sanena chifukwa chake achuluka. Kutsimikiza ET kumafuna akatswiri a magazi, monga a ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kuti aone magazi pa maikulosikopu, mwina atenge mafuta a m'fupa la m'chiuno, ndi kuonetsetsa kuti si khansa ina ya m'magazi yofanana nayo. Chithandizo m'zipatala za boma n'chaulere, pamene zipatala za mishoni zimalipiritsa zina. Za kuyeza majini, funsani za mtengo magazi asanatengedwe, chifukwa kukachitikira ku labu yolipira ndalama imatha kugwera wodwala. Thiransipoti sitingalonjeze. Chimene tingachite ndi kukulemberani kalata yokwanira, yokhala ndi zotsatira zonse, kuti musakabwezedwe chifukwa cha pepala.

"Asipirini ali pa golosale, nditha kugula ndekha?"

Chonde ayi. Wa pa golosale nthawi zambiri ndi wa 300 mg, kanayi kuposa mlingo uja wa 75 mg. Bufeni ndi indosidi nawonso amafooketsa mapulateleti ndi kukanda m'mimba. Mutu ukawawa imwani panado. Musanazule dzino kapena kutemedwa mphini, nenani za matendawa.

"Kodi mapulateleti akatsika ndisiye mankhwala?"

Ayi, atsika chifukwa cha mankhwalawo, ndipo mukasiya amakweranso pa milungu yochepa. Haidurokisiyuleya amathanso kutsitsa maselo oyera, n'chifukwa chake kuyeza magazi sitimasiya, ndipo ena amatuluka zilonda mkamwa kapena pa akakolo. Amayi oyembekezera kapena amene akufuna pakati samwa mankhwalawa, auzeni adokotala msanga. Koma pakamwa pakapotoka, dzanja likafooka, pamtima pakapweteka, mwendo ukatupa, chimbudzi chikada, kapena kamfuno kakapitirira mphindi 15 mutatsina mphuno, musadikire tsiku la m'kabuku, bwerani tsiku lomwelo.